Chingerezi cha m'katoni ya sopo

Alamu anga amagwira ntchito yoperekera zakudya pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Tsiku lina mlendo wina, mayi wachizungu, anawafunsa kuti chambo cha tsikulo chikonzedwa bwanji. Funsolo analimva bwinobwino, yankho analinso nalo m'mutu, koma mawu anakanirira pakhosi. Anangoti kukamwa yasa, kenako n'kuloza kukhitchini. Atabwera kwathu patchuthi anandifotokozera nkhaniyi akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene zamupweteka.

"Si kuti sindiwerenga ayi, alamu," anatero, akutulutsa kope la chikuto cholimba m'chikwama. "Taonani nokha."

Kopelo linali lodzaza mawu okopera m'dikishonale, Chingerezi kumanzere, tanthauzo kumanja. Anayambira pa chilembo A ndipo anali atafika pa C. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi amakhala nalo maola awiri. Ndinaphimba mbali ya Chingerezi ndi dzanja n'kuwafunsa mawu 20 a masamba oyambirira. Anakhoza 4. Limodzi mwa mawu amene analemba mwaluso patsamba loyamba linali "abdicate", kutula pansi ufumu, ndipo mpaka lero palibe mfumu imene inabwera pamalopo kudzatula ufumu kwinaku ikudya chambo.

Anthu ambiri kwathu kuno ali ngati alamu angawa. Chingerezi anachiphunzira zaka zambiri kusukulu, ena chinawagwetsa pa MSCE, poti popanda kukhoza phunziro limeneli satifiketi siituluka. Akamamva wina akulankhula amatolapo zambiri, koma kuti atulutse okha chiganizo n'chintchito. Maola awiri a Lamlungu aja ndi mphindi 120 pa sabata. Mphindi 20 tsiku lililonse zimakwana 140. Kusiyana kwa nthawi n'kochepa, koma zotsatira zake zimasiyana kwambiri, ndipo chifukwa chake chagona pa mmene mutu wa munthu umaiwalira.

Mu 1885 katswiri wina wa ku Jeremani, Hermann Ebbinghaus, anasindikiza zimene anapeza atadziyesa yekha kwa zaka. Amaloweza timawu topanda tanthauzo, n'kudikira, kenako n'kuyeza kuti zatsala zochuluka bwanji. Anapeza kuti kuiwala kumathamanga kwambiri poyambirira: patatha tsiku limodzi lokha, mwa muyeso wake, chotsala chinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kenako kuiwalako kumayamba kuyenda pang'onopang'ono. Anaonanso kuti kubwereza komwaza pa masiku angapo kumagwira kuposa kubwereza kounjika nthawi imodzi. Choncho mawu amene alamu amalemba Lamlungu amakhala atauluka pofika Lachiwiri, ndipo Lamlungu lotsatira, mmalo mowabwerera, iwo amakopera ena atsopano. Kunali kutunga madzi ndi dengu.

Vuto lachiwiri linali la kawerengedwe. Ukayang'ana liwu ndi tanthauzo lake zili pamzere umodzi, mtima umati "ili ndikulidziwa". Kumeneko n'kuzindikira chabe, ngati mmene umazindikirira nkhope ya munthu mumsika koma dzina osabwera. Mlendo akakufunsa funso safuna kuti uzindikire, amafuna utulutse mawu. Ndiye chimene tiyenera kuzolowetsa mutu tsiku ndi tsiku ndi kutulutsako: kuona Chichewa, kuvutika pang'ono kufunafuna Chingerezi chake, kuchinena mokweza, kenako n'kuona ngati takhoza. Kuvutika pang'onoko ndiye mankhwala ake. Munthu amene mphindi zake 20 zimatha mosavuta konse, akungoyendetsa maso papepala, adziwe kuti akudzinamiza.

Tinapanga bokosi

Madzulo a tsiku lomwelo tinatenga katoni yaing'ono imene munali sopo, n'kudula timakatoni 31 togawa zipinda, chilichonse n'kuchilemba deti, kuyambira 1 mpaka 31. Kope lija tinang'ambako masamba osalemba n'kuwadula timapepala tokwana pachikhatho. Nzeru ya bokosi la timapepala inatchuka ndi Sebastian Leitner, mtolankhani wa ku Jeremani, m'buku lake la mu 1972. Lake linali la zipinda zisanu. Ife tinangolisintha kuti zipinda zikhale za madeti, chifukwa munthu wotopa ndi ntchito safunika kumawerengeranso kuti lero atsegule chipinda chiti. Amayang'ana kalendala basi.

Kayendedwe kake nkotere. Tinene kuti kapepala mwakalemba pa 4. Mukaika m'chipinda cha pa 5. Pa 5 mukatulutsa n'kudzifunsa. Mukakhoza, chongani kamodzi pakona ndi pensulo n'kukalumphitsa masiku 3, kapite pa 8. Mukakhozanso pa 8, chongani kachiwiri, kalumphe masiku 7 kufika pa 15. Kuchoka apo kalumphe masiku 14 kufika pa 29, ndipo pa 29 mukakhoza mukabwezere m'chipinda chomwecho kuti mudzakumane nako mwezi wamawa. Kakapambana ulendo wachisanuwu kapume, kalowe mu envulopu ina. Koma tsiku lililonse limene mwalephera, fufutani zochonga zonse, kapepalako kabwerere m'chipinda cha mawa ngati katsopano. Mwezi ukakhala wa masiku 30 kapena ochepera, za m'zipinda zotsalazo muzitenge pamodzi ndi za tsiku lomaliza.

Apa ndi pamene tinakangana. Alamu amafuna kulemba timapepala 20 patsiku, ine ndinati 5.

"Asanu okha? Alamu, ndiye ndidzamaliza nditamera imvi."

Ndinawawerengera masamu ake. Kapepala kalikonse kamabwerera kasanu. Ndiye bokosi likakhazikika, pakatha miyezi iwiri, munthu wolemba 5 patsiku amapeza timapepala 25 tomudikira m'mawa uliwonse, ndipo tikaphatikiza tolephera tija timafika 30 kapena 35. Kalikonse kamadya masekondi 12 kapena kuchepera, zonse pamodzi mphindi 7. Wolemba 20 patsiku amapeza timapepala toposa 100, ndiye kuti mphindi 20 zonse zathera m'bokosi, osamvetsera kanthu, osalankhula kanthu. Choipa chake n'chakuti sabata yoyamba sizioneka. Munthu amasangalala kuti akuthamanga, ngongole ikukula mwakachetechete ngati katapila, ndipo sabata yachinayi amangotseka bokosi osalitsegulanso. Ambiri amene amati "ine mutu wanga sugwira" chinawagwetsa n'chimenechi.

Ndipo 5 patsiku si zochepa. Pa chaka ndi timapepala 1,825. Mu 1953 Michael West anasindikiza mndandanda wa mawu a Chingerezi pafupifupi 2,000 amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, ndipo akatswiri a pambuyo pake, monga Paul Nation wa ku New Zealand, asonyeza kuti mawu ofala 2,000 oyambirira amakwana pafupifupi 80 pa mawu 100 alionse a m'zolembedwa wamba, pamene m'macheza a tsiku ndi tsiku amaposera apo. Dikishonale sisanja mawu potengera kufala kwake, n'chifukwa chake kuyambira pa A kunawapatsa alamu mawu a mafumu otula maudindo mmalo mwa mawu a patebulo.

Amene ali ndi foni yamakono akhoza kugwiritsa ntchito pulogalamu ya Anki, imene pa mafoni a Android imatchedwa AnkiDroid ndipo ndi yaulere. Imawerengera yokha masiku. Koma imabwera itatcheredwa kupereka makadi atsopano 20 patsiku, ndiye pitani pamene palembedwa `New cards/day` musinthe ikhale 5. Ine ndimakondabe katoni, chifukwa sifuna kutchaja ndipo simulowa mauthenga a pa WhatsApp.

Zolemba pakapepala

Liwu lokhalokha pakapepala silithandiza kwenikweni. Lembani chiganizo chachifupi chimene mudzachinenadi ndi pakamwa panu sabata yomweyo. Kapepala koyamba ka alamu kutsogolo kanali ndi funso lakuti, "Nsombayi tiikazinge kapena tiiwotche?" ndipo kuseri kwake, "Would you like it fried or grilled?" Chiganizo chimabwera ndi katundu wake yense: mawu, kasanjidwe kake, ndi ulemu wake. Tinagwirizana kuti aziyenda ndi kapepala m'thumba la epuloni, ndipo paliponse pamene mawu awathawa pantchito azilemba m'Chichewa zimene amafuna kunena. Timapepala 5 ta tsiku lotsatira tizichokera pamenepo. Kuseri kwake azifunsa munthu wodziwa, kapena kutengera pa zimene amva ndi kuwerenga, chifukwa kuloweza chiganizo cholakwika kasanu n'kukhomerera msomali pokhota.

Pali zolakwa zina zimene ife olankhula Chichewa timagweramo tonse, ndipo n'zoyenera kuzipatsa timapepala tawotawo. Timati "ndibwerekeni cholembera", ndiye pakamwa pamathamangira "borrow me", pamene Chingerezi chimafuna "lend me your pen". Tili ndi "iye" mmodzi wa mwamuna ndi mkazi yemwe, choncho "he" ndi "she" zimasinthana popanda ife kumva. Ndipo kwa ife l ndi r ndi liwu limodzi. Lamulo la kalembedwe kathu limangoti tilembe r pambuyo pa i ndi e, monga mu "lira" ndi "lero", koma tanthauzo silisintha ngakhale titazisokoneza. M'Chingerezi limasintha. Woperekera zakudya akanena "lice" pofuna kunena "rice" walonjeza mlendo nsabwe mmalo mwa mpunga. Izi sizikonzeka powerenga. Zimafuna khutu ndi lilime, ndipo ndiyo ntchito ya mphindi zotsala.

Bokosi likatha, pamatsala mphindi 13. Alamu amatenga 7 kumvetsera. Chinsinsi apa ndi kusasinthasintha: kachidutswa kamodzi ka mphindi imodzi kapena ziwiri, komweko masiku atatu. Tsiku loyamba amamvetsera kawiri osaona zolemba, kenako kamodzi akutsatira ndi maso. Lachiwiri amaimitsa pa chiganizo chilichonse n'kubwereza mokweza, kutsanzira ngakhale pokwera ndi potsika mawu. Lachitatu amalankhula limodzi ndi wolankhulayo osaimitsa. Pulogalamu ya BBC yotchedwa 6 Minute English ndi yabwino pa ntchito imeneyi chifukwa ili ndi zolemba zake, ndipo mukaitsitsa kamodzi pafoni simuonongeranso bandulo. Gawo limodzi la mphindi 6 limakwana sabata yonse ndi kupitirira mukaliduladula. Wopanda foni yotere ali ndi wailesi: amvere nkhani za m'Chichewa pa MBC, kenako za m'Chingerezi tsiku lomwelo. Poti zimene zachitika akuzidziwa kale, khutu limapeza mpata wogwira mmene akuzinenera.

Mungadziwe bwanji kuti chimene mwasankha n'chokulirani? Werengani mawu 100 a zolembazo, kapena a nkhani ya m'nyuzipepala, n'kupinda chala pa liwu lililonse lachilendo. Zala za dzanja limodzi zikatha musanamalize, chisiyeni, pezani chosavuta. Kafukufuku wa Nation ndi anzake amasonyeza kuti munthu amawerenga momasuka pamene mawu achilendo sakuposa 2 pa 100. Tili ndi chizolowezi choganiza kuti cholimba ndicho chophunzitsa, ndiye munthu amayamba ndi ndemanga ya mkonzi yokamba za ndondomeko ya chuma. Mapeto ake mphindi zonse zimathera m'dikishonale. Kabuku ka nthano ka mwana wanu wa Sitandade 6 kangakuphunzitseni zambiri, ndipo palibe cha manyazi pamenepo.

Mphindi 3 zotsatira n'zolankhula nokha, mokweza, osati chamumtima. Fotokozani zimene munachita dzulo, kapena yankhani funso limene linakugonjetsani kuntchito. Anthu a m'nyumba adzakusekani masiku oyamba. Mkazi wa alamu, yemwe ndi mlongo wanga, anafunsa ngati bambo a m'nyumba ayamba kubwebweta. Mphindi 3 zomaliza n'zolemba timapepala 5 ta mawa. Nthawi ikakwana, lekani, ngakhale zikukoma. Amene amapitiriza ola lathunthu Lolemba ndi amene amajomba Lachitatu.

Kuti zisaduke

"Ndiziwerenga tsiku lililonse" ndi lonjezo limene limatha msanga, chifukwa silinena kuti liti ndiponso pati. Chizolowezi chimagwira chikamangiriridwa ku chinthu chimene chimachitika kale tsiku lililonse. Alamu anasankha nthawi imene ateleka madzi osamba pambaula m'mamawa. Madziwo amatenga nthawi kuti atenthe, ana amakhala asanadzuke, ndipo katoni imagona pawindo pafupi ndi machesi, kotero dzanja lofuna machesi limakhudzanso katoni. Poyamba anayesa usiku akaweruka, koma zinakanika sabata yomweyo: alendo ena amachedwa patebulo, magetsi amazima, thupi limafuna mphasa.

Mumamva anthu akuti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 kwa masabata 12, ndipo zotsatira zimene anatulutsa mu 2009 zinasonyeza kuti nthawi yapakatikati inali masiku 66, wachangu 18, wochedwetsetsa 254. Ndipo zimenezo zinali zizolowezi zing'onozing'ono, monga kumwa madzi pa chakudya chamasana. Ndiye ngati mwezi watha mukudzikokabe kupita ku bokosi, palibe chimene chalakwika. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa chizolowezi.

Chimene chimagwetsa ndi mulu umene umakudikirani mukabwerako. Mwezi wachitatu alamu anapita kumaliro kumudzi n'kukhalako masiku anayi. Pobwera anapeza zipinda zinayi zosatsegula kuphatikiza cha tsikulo, timapepala toposa 140. Anandiimbira foni.

"Alamu, basi zanga zada. Ndingoyambiranso."

Ndinawauza kuti asayambirenso, komanso asakhale pansi maola awiri kuti alipire ngongole yonse. Aleke kulemba tatsopano, awonjezere nthawi ya bokosi kufika mphindi 12 pochepetsa ya kumvetsera, ayambe ndi timapepala tochongedwa kamodzi kapena kawiri popeza ndito timaiwalika msanga, ndipo tochongedwa kanayi tidikire. Muluwo unatha pa sabata imodzi. Kuyambira pamenepo, akadziwa kuti tsiku likhala lothina, amatenga timapepala ta tsikulo n'kutimanga ndi labala m'thumba. Mphindi 5 za m'minibasi zimakwana kusunga bokosi lamoyo.

Bokosilo limadziulula lokha ngati china chake chalakwika. Mukamalephera kapepala koposa kamodzi pa 5 tilitonse, ndiye kuti ziganizo zatalika kwambiri kapena tatsopano tachuluka. Tsikirani pa 3 patsiku. Mukamakhoza tonse osaganiza n'komwe, mukulemba zimene mukudziwa kale. Kapepala kamene kabwerera kuyamba kanayi kapena kasanu musalimbane nako. Kang'ambeni, mulembe chiganizo china chachifupi chokhala ndi liwu lomwelo, makamaka chokhudza munthu kapena malo amene mumawadziwa. Ndipo tsiku loyamba lenilenilo dzijambuleni mawu pafoni mphindi imodzi mukufotokoza ntchito yanu, n'kumabwereza mwezi uliwonse. Kusintha kwa tsiku ndi tsiku khutu silikumva, koma mukaika mawu a Januwale pambali pa a Meyi mumamva kuti ma "eee" ndi ma "ujeni" achepa.

Tinenenso chilungamo pa malire ake. Mphindi 20 patsiku ndi maola pafupifupi 122 pa chaka. Sukulu ya boma la Amereka yophunzitsa akazembe zilankhulo, Foreign Service Institute, imawerengera kuti wolankhula Chingerezi amafunika maola a m'kalasi pafupifupi 600 kuti agwire ntchito m'Chipwitikizi, ndi oposa 800 pa Chiswahili. Ndiye amene akukulonjezani chilankhulo chatsopano pa miyezi itatu ndi mphindi 20 akufuna ndalama zanu. Chimene chimatipulumutsa pa Chingerezi n'chakuti ambiri sitikuyambira pansi. Zaka za kusukulu zija zinasiya nkhokwe, ndipo ntchito ya mphindi 20 ndi kupatula zimene zili m'nkhokwemo kuti zifike pakamwa. Komanso mphindizi ndi zonolera mpeni chabe. Kudula kwenikweni kumachitika masana, pamene alamu aima patebulo n'kunena chiganizo cha m'mawa uja kwa munthu wamoyo.

Chilankhulo chikakhala chapachibale, ulendo umafupika. Amalonda amene amadutsa pa Songwe kukagula katundu ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam amapeza kuti Chiswahili chili ndi moto, nyama, mwana ndi magulu a mayina ofanana ndi athu, choncho bokosi lawo lisataye malo pa zimenezo. Lidzaze ndi manambala, mitengo, mawu a pakasitomu, ndi mawu onyenga amene amamveka ngati athu koma tanthauzo lina. "Kuuza" kumeneko ndi kugulitsa, ndipo "kupita" ndi kudutsa.

Nditapita ku Mangochi patatha miyezi isanu, alamu anandionetsa envulopu ya timapepala topuma, pafupifupi 400, tomanga ndi malabala mitolomitolo. Kope la chikuto cholimba lija mlongo wanga analilanda, akulembamo ngongole za anthu otenga tomato. Tinakhala pakhonde n'kumvetsera mawu amene anajambula mwezi woyamba, ndipo iwo anabisa nkhope m'manja. Kenako anatulutsa m'chipinda cha mawa kapepala kena kakuda ndi zala, pakona pake patatsala pang'ono kubooka chifukwa chofufutafufuta. Kutsogolo kanalembedwa kuti, "Mayi aja akufuna tiyi wawo tsopano."

"Aka ndakang'amba kawiri, alamu," anatero. "M'mawa ndimakhoza bwinobwino. Koma dzulo lomweli ndauza bwana kuti 'he wants his tea', mayiwo ali chikhalire pomwepo ndi mpango wawo kumutu."